Chikwangwani cha Kolera Chimene Munthu Angawerenge Akudutsa

Mayi amene akuchokera kumjigo atasenza ndowa saima kuti awerenge ndime zitatu. Amaponya diso kamodzi, n'kupitirira. Choncho chikwangwani cha kolera chiyenera kunena chinthu chimodzi chokha, ndipo mutu wake ukhale wouza munthu chochita.

Mutu wakuti “Kolera ndi Yoopsa” suthandiza, chifukwa aliyense amene anaona mliri wa 2022 ndi 2023 akudziwa kale zimenezo. Wabwino ndi uwu: “Mwatsegula M'mimba? Imwani Thanzi, Thamangirani Kuchipatala.” Zilembo zake zikhale zazikulu, zakuda papepala loyera kapena lachikasu, zoti ziwerengeke munthu ali tsidya lina la msewu.

Pansi pake mizere iwiri ndi yokwanira: sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono ngakhale ali m'njira. Muyeso wa lita uoneke pachithunzi, pakuti madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ungavulaze mwana.

Mzere wa pansi penipeni ndi umene ambiri amaunyozera. Lembani dzina la chipatala chapafupi ndi nambala imodzi yokha, monga ya Chipatala Cha Pa Foni, ndipo muyambe mwaiimba nokha kuti mutsimikize kuti ikuyankhidwa.

Musanasindikize, onetsani chikwangwanicho kwa anthu angapo pamsika, kuphatikizapo osadziwa kuwerenga, muchibise msanga, kenako muwafunse chimene chawauza kuchita. Akayankha zosiyana, lembaninso mutuwo.