“Madzulo” sayenera kukhala okha mu uthenga

Ine ndimakana kumasulira uthenga woitana agulupu a ku Njewa usanatchule nthawi yeniyeni. Wa ku ofesi ku Lilongwe akalemba m'Chingerezi kuti msonkhano ndi 14:30 Lachitatu, ndimalemba kuti: “Gogo chalo, tikukupemphani kuti mudzakhale nafe Lachitatu nthawi ya 2:30 masana.” Chingerezi chimatha kulamula popanda wokhumudwa, koma mfumu siilamulidwa, imapemphedwa, ndipo dzina lake silitchulidwa poyera ngati la mwana.

Yankho likabwera lakuti “tidzafika chakumadzulo,” sindilitembenuza msanga, chifukwa madzulo amayambira dzuwa litapendeka mpaka kachisisira. Ndimayamba ndafunsa mwaulemu ngati akunena 3 koloko kapena 5 koloko, kenako n'kulembera a ku ofesi nambalayo.