Mmene kutentha kumayendera mu uvuni ndi m'poto

Pa mayeso a uinjiniya wa zakudya, ophunzira amafunsidwa kawirikawiri kuti kutentha kumafika bwanji pa buledi ali mu uvuni. Njira zake zilipo zitatu. Kondakishoni ndi pamene kutentha kumadutsa m'chitsulo cha thireyi n'kulowa mu mtanda. Konvekishoni ndi pamene mpweya wotentha ukuzungulira buledi, n'chifukwa chake uvuni wokhala ndi fani umapsetsa msanga. Radiyeshoni ndi kutentha kochokera m'makoma a uvuni, komwe sikudalira mpweya kuti kufike pa chakudya.

Funso la masamu nthawi zambiri limagona pa kondakishoni, ndipo fomula yake ndi Q = kAΔT/x. Tinene kuti poto wa aluminiyamu ali ndi pansi pochindikala mamilimita 4, kukula kwake n'kwa 0.05 m², k yake ndi 200, ndipo mukudutsa mawati 1,000. Ophunzira apeze kusiyana kwa kutentha pakati pa kunja ndi mkati mwa poto.

Poyamba mamilimita 4 asanduke mamita 0.004. Mukachulukitsa 1,000 ndi 0.004 n'kugawa ndi 10, yemwe ndi 200 kuchulukitsa ndi 0.05, mupeza madigiri 0.4. Poto wachitsulo chosachita dzimbiri, chomwe k yake ili cha m'ma 16, amapereka madigiri 5. Chitsulochi chimachedwa kufalitsa kutentha, motero phala limapserera pamene pali lawi.

Ambiri amagwa poiwala kusintha mamilimita aja. Yankho likatuluka madigiri 400, dziwani kuti cholakwika chili pamenepo.