Kufunsira ntchito pa imelo ya Chifalansa

Kwathu kuno kalata yopita kwa bwana imayamba ndi moni, kufunsa za moyo, mwinanso kudandaula za mavuto a pakhomo kuti atimvere chisoni. Wolemba anthu ntchito ku France kapena ku Belgium sayembekezera zimenezo. Amafuna adziwe msanga ntchito imene mukufunsira, zimene mumatha, ndiponso ngati malamulo akukulolani kugwira ntchito m'dzikolo.

Tiyerekeze mayi wa ku Lilongwe amene waphika pa hotela zaka 4, ndipo akutsatira mwamuna wake ku Lyon. Pamutu pa imelo alembe "Candidature au poste de commis de cuisine", kutanthauza kuti akufunsira ntchito yothandiza wophika wamkulu. Moni wake ndi "Madame, Monsieur," basi, popeza sakudziwa amene awerenge. Mawu oti "Cher Monsieur" ndi a anthu odziwana kale, ndipo kwa mlendo amamveka ngati kuzolowera. Paulemu pokha ife sitivutika: monga sitinena "iwe" kwa bwana, apanso ndi "vous" mpaka kumapeto.

Pakati pake mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Atchule zaka zimene waphika, tsiku limene adzafike, ndi chilolezo chokhalira m'dzikolo ngati chimamulola kugwira ntchito. Bwana amene sanauzidwe zimenezi angaganize kuti zomuyendetsera mapepala zigwera iyeyo, n'kuiika kalatayo pambali. Anenenso mlingo wa Chifalansa chake. Milingoyi imayambira pa A1 kufika pa C2, ndipo amene anakhoza mayeso a DELF B1 alembe B1 yomweyo. Kudzikweza n'kudzitchera msampha, chifukwa akakuimbirani foni lilime limaulula.

Chimene chimatipunthwitsa kwambiri n'chakuti Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mawu ofotokoza munthu, pamene Chifalansa chimatero. Mayiyu alembe "je suis intéressée", e ziwiri kumapeto; mwamuna amalemba "intéressé". Amene wangokopera kalata ya mnzake amagwidwira pamenepa. Apewenso "je veux", ndikufuna, amene amamveka ngati kulamula. Aulemu ndi "je souhaite".

Mbiri ya maphunziro ndi ntchito, pamodzi ndi kalata yaitali yofotokoza chimene akuifunira ntchitoyo, zipite pazokha ngati PDF, ndipo mu imelo angoti "Vous trouverez ci-joint mon CV et ma lettre de motivation." Satifiketi ya MSCE asaisinthe dzina kuti ifanane ndi yakumeneko, ailembe momwe ilili n'kufotokoza kuti ndi ya kumapeto kwa sekondale.

Potseka, "Cordialement" ndi wokwanira pa imelo, kenako dzina ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265 ngati akadali kuno. Musanatumize, pezani wodziwa bwino Chifalansa akuwerengereni mokweza, ndipo onetsetsani kuti ma PDF aja mwawaikadi.