Kukulitsa chithunzi cha gemu yakale popanda kuchisungunula

Sikirini ya Game Boy, kamakina ka magemu komwe kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1989, inali ndi mapikiseli 160 chopingasa ndi 144 choimirira, ndipo mitundu yake inali inayi basi. Ojambula magemu ngati Tetris ankaika kadontho kalikonse mochita kuwerenga, moti diso la munthu m'gemu limatha kukhala pikiseli imodzi yokha. Chithunzi choterechi pa kompyuta ya lero chimaoneka kakang'ono kwambiri, ndiye aliyense amafuna kuchikulitsa. Vuto limayambira pomwepo.

Mapulogalamu ambiri okonzera zithunzi anapangidwa poganizira zithunzi za kamera. Akamakulitsa, amayang'ana mapikiseli awiri oyandikana n'kudzaza mpata wa pakati pawo ndi mitundu yosakaniza. Pa nkhope ya munthu zimenezi zimathandiza, koma pa chithunzi cha gemu zimawononga: pomwe chakuda chinkathera mwadzidzidzi n'kuyamba choyera pamabwera kachifunga kotuwa, ndipo zilembo zimaoneka ngati zanyowa. Mankhwala ake n'kuletsa pulogalamu kusakaniza, kuti izingobwereza pikiseli iliyonse mmene ilili. Mu GIMP, pulogalamu yaulere, mumalowa pa Image, kenako Scale Image, ndipo pa Interpolation mumasankha None. Mu Photoshop njira yomweyi yalembedwa kuti Nearest Neighbor.

Koma kuletsa kusakaniza n'theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi masamu, ndipo ndi lomwe ambiri amalumpha. Tinene kuti mukufuna chithunzi cha Tetris chidzaze sikirini ya mapikiseli 1920 ndi 1080. Mukagawa 1080 ndi 144 mupeza 7.5. Theka la pikiseli kulibe, choncho kompyuta imapatsa mzere wina mapikiseli 7, wotsatira 8, wina 7, mpaka pansi. Zotsatira zake, timabokosi tomwe timayenera kukhala tofanana timasiyana: mwendo wina wa chilembo umanenepa, wina n'kuonda. Munthu sangatchule msanga chomwe chalakwika, koma diso limaona kuti china chake chapotoka.

Lamulo lake n'lakuti chulukitsani ndi nambala yathunthu, yopanda zidutswa. Apa yokwanira ndi 7. Pikiseli iliyonse imasanduka kabokosi ka mapikiseli 7 mbali zonse, ndipo chithunzi chimakhala 1120 ndi 1008. Pamwamba ndi pansi pamatsala mapikiseli 36, kumanja ndi kumanzere 400 mbali iliyonse. Mpata umenewu ingoudzazani ndi mtundu wakuda. Ine ndimaona kuti malire akuda ndi abwino kuposa chithunzi chodzaza sikirini koma chopunduka. Amene ali ndi sikirini ya 2160 choimirira ali ndi mwayi, chifukwa 144 imalowamo ka 15 ndendende.

Ogwiritsa ntchito ImageMagick amamaliza zonsezi ndi mzere umodzi, ndipo wachiwiriwo ndi woyesera ngati zatheka:

```
magick tetris.png -scale 700% tetris7.png
magick identify -format "%k" tetris7.png
```

Mzere wachiwiri umawerenga mitundu yomwe ili m'chithunzi. Ngati choyambirira chinali ndi mitundu 4, chokulitsidwa chiyeneranso kukhala ndi 4. Mukaona makumi kapena mazana, dziwani kuti kusakaniza kwalowerera penapake. Nthawi zina wolakwa si inu: chithunzi chomwe mwayamba nacho chingakhale choti wina anachikulitsa kale molakwika, ndipo chotero sichikonzeka pochikulitsanso. Yang'anani kaye kukula kwake ngati kulidi 160 ndi 144.

Mukamaliza, sungani fayilo ngati PNG. JPEG imachepetsa fayilo potaya zina, ndipo imasiya zinyalala za timadontho m'mbali mwa mizere yakuthwa. WhatsApp nayo imafinya zithunzi, choncho potumizira mnzanu ndi bwino kuchitumiza ngati Document.

Pali malire amodzi ofunika kuwadziwa: si magemu onse akale omwe anali ndi mapikiseli ofanana mbali zonse. Doom, gemu ya pakompyuta ya mu 1993, inkajambula mapikiseli 320 ndi 200, koma sikirini za nthawiyo zinkatambasula chithunzicho kuti chikwane pa muyeso wa 4:3. Motero pikiseli iliyonse inkaoneka yotalikirapo, msinkhu wake kukhala 1.2 poyerekeza ndi kutambalala kwake. Mukachulukitsa ndi 5 mbali zonse, timabokosi tikhala tofanana bwinobwino, koma anthu ndi zilombo za m'gemu zimaoneka zofupika ndi zonenepa kuposa mmene osewera ankazionera. Apa amene amadziwa amachulukitsa ndi 5 chopingasa ndi 6 choimirira, n'kupeza 1600 ndi 1200. Manambala onse awiri ndi athunthu, choncho m'mbali mwa timabokosi mumakhalabe mwakuthwa, kungoti tsopano kalikonse ndi ka mapikiseli 5 ndi 6, ndipo chithunzi chonse chabwerera pa 4:3.