Mphaka Wopukusa Mutu: Nthata za M'makutu

M'midzi ya ku Chintheche, Kande ndi Usisya mphaka ndiye amateteza usipa ndi ufa wa kondowole ku makoswe. Mukaona mphaka wanu akupukusa mutu kawirikawiri, suzumirani m'makutu mwake. Mukapezamo zinyalala zakuda zofumbutuka ngati masamba a tiyi, kawirikawiri vuto limakhala tinthata ta m'makutu.

Ikani zinyalalazo pansalu yakuda padzuwa, ndipo mwina mudzaona timadontho toyera tikuyenda. Tizilomboti timadya phula la m'khutu ndipo timayabwa kwambiri. Zilonda za kuseri kwa makutu amadzichititsa yekha mphaka podzikanda ndi zikhadabo.

Mazira a tinthatati amaswa pakatha masiku 4, ndipo ana amakula m'masabata atatu. Ichi ndicho chifukwa chake kutsuka khutu kamodzi sikuchiza. Dontheziranimo madontho atatu a mafuta ophikira, sisitani patsinde pa khutu, kenaka pukutani ndi thonje. Chitani izi kwa mwezi wathunthu, podumphitsa tsiku limodzi. Musalowetsemo kamtengo. Musathiremo palafini kapena dibi wa ng'ombe, pakuti zingaphe mphaka.

Matendawa amafala pokhudzana, choncho amphaka ndi agalu onse apakhomo athandizidwe pamodzi. Anthu sawatenga kawirikawiri, komabe sambani m'manja ndi sopo.

Khutu likatupa, likamatuluka mafinya onunkha, kapena mphaka akamapendeketsa mutu, lekani mafutawo ndipo pitani naye kwa mlangizi wa ziweto, amene angakuuzeni mankhwala oyenera mphaka.