Mtima wa Mngerezi ukatsika, wathu umakwera

Mngerezi akamva uthenga woipa amati mtima wake wamira, watsikira pansi. Ife mtima ukakhala pansi ndiye kuti zayenda bwino: mwana amene anasowa wapezeka, wodwala wayamba kumwa phala. Mtima ukakhala m'mwamba kwathu kuno ndi nkhawa, pomwe wa Mngerezi ukauluka ndiye kuti wakondwa. Tsono womasulira sewero akangotsata mawu, mayi amene wangouzidwa kuti mwana wake wamangidwa amveka pa wailesi akuti, "Mtima wanga wakhala pansi," omvera n'kudabwa kuti mayi wotani wokondwera ndi unyolo wa mwana wake. Mayi weniweni akanati, "Nditamva, m'nkhongono munangoti zii."

Zolakwa za mtundu umenewu n'zoopsa kuposa zoseketsa zija. Wina akalemba kuti agogo amenya chidebe pofuna kunena kuti atisiya, aliyense amadziwa kuti pena pake pasokonekera. Koma akalemba kuti lamulo lili ndi dzanja lalitali, chiganizocho ndi Chichewa chabwinobwino, kungoti chikunena zina. Mngerezi amatanthauza kuti lamulo limakupeza kulikonse kumene wabisala. Ife wadzanja lalitali ndi wakuba.

Komabe kudziwa tanthauzo la chining'a ndi gawo lochepa chabe la ntchitoyi. Pamene anthu awiri akuyankhulana m'sewero, m'filimu kapena m'buku la nthano, mawu aliwonse ali ndi mwini wake ndiponso ali ndi amene akuwalandira. Funso lalikulu n'lakuti: munthu uyu akumuchita chiyani mnzakeyu ndi mawu amenewa, ndipo kwathu kuno munthu wa msinkhu wake angachite zimenezo ndi mawu ati?

Tiyerekeze sewero la pa wailesi lolembedwa m'Chingerezi, monga amachitira mabungwe ambiri asanalipereke kwa womasulira. Yohane wagulitsa njinga yake yamoto ya kabaza, ndalama zonse n'kupatsa mkulu wina amene anamulonjeza ntchito ku Joni. Mkuluyo wathawa. Malume ake amva nkhaniyi ndipo abwera kudzamuona. Wolemba waika zining'a ndi miyambi isanu ya Chingerezi m'mizere itatu yokha. Womasulira wotsata mawu atulutsa izi:

Malume: Mtima wanga unamira nditamva. Ndinakuuza kuti usaike mazira ako onse m'dengu limodzi.

Yohane: Palibe phindu kulirira mkaka wotayika, amalume. Munthu uja anandikokera ubweya m'maso.

Malume: Mbalame imodzi m'dzanja iposa ziwiri zili patchire.

Palibe malume wa ku Mitundu kapena ku Lunzu amene anayankhulapo chonchi. Womasulira wachiwiri, wodziwa miyambi, amaona vutoli n'kutsegula mabuku. Alipo abwino: Nzeru za Kale la Kumakanga, komanso buku la malemu Joseph Chakanza lomwe linasonkhanitsa miyambi 2000 ya Chinyanja. Amayamba kusinthanitsa, mwambi wa Chingerezi kuchotsa, wa Chichewa kuikapo. Pa mkaka wotayika apeza "madzi akatayika sawoleka." Pa mbalame ya m'dzanja apeza "fodya wako ndi amene ali pamphuno." Zonsezi zikugwirizana bwino ndi tanthauzo.

Pa mazira ndi dengu ndiye pali msampha. Chifukwa nkhani yake ndi ya malo amodzi ndi malo awiri, dzanja limathamangira ku "mapanga awiri avumbwitsa." Koma mwambi wathuwu ukulangiza zosemphana ndi za Mngerezi. Iye akuti gawa chuma chako pawiri kuti pena pakaonongeka utsale ndi kena. Ife tikuti wothamangira mapanga awiri mvula imamupeza pakati, choncho sankha limodzi. Malume akanena mwambi umenewu ndiye kuti akumuyamikira Yohane popereka ndalama zonse kwa munthu mmodzi. Pamene palibe mwambi wofanana, mawu wamba ndiwo amapulumutsa, bola akhale ndi mphamvu ya munthu wokwiya.

Vuto lalikulu lili pa madzi otayika aja. Tanthauzo lake n'lolondola, koma ali m'kamwa molakwika. M'Chingerezi mwambi wa mkaka ndi wopepuka, mwana angathe kuuza bambo ake popanda wina kutembenuka. Kwathu mwambi umatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kapena umayenda pakati pa anthu amsinkhu umodzi. Mnyamata amene wangotaya chuma, n'kuwayang'ana malume ake n'kuwauza kuti madzi akatayika sawoleka, ameneyo wachita mwano. Omvera asiya kumumvera chisoni nthawi yomweyo. Ngati wolemba anafuna Yohane wamwano, usiyeni mwambiwo momwemo, ndipo malume ayankhe monga munthu wonyozedwa. Koma ngati anafuna Yohane wosweka mtima amene akungopempha kuti asamudzudzulenso, womasulira wamusintha khalidwe osadziwa.

Nayi njira imodzi yokonzera:

Malume: Nditamva, m'nkhongono munangoti zii. Iwe Yohane, njinga yonse ija, ndalama zake n'kupatsa munthu mmodzi? Osasungako ngakhale pang'ono?

Yohane: Ndinalakwa amalume. Mkulu uja anandigwiritsa fuwa lamoto. Nanga pano nditaninso ine?

Malume: Suja ndinkanena? Fodya wako ndi amene ali pamphuno...

Pa zisanu zija patsala ziwiri, chining'a chimodzi ndi mwambi umodzi, kuwonjezapo mvekero. Palibe chimene chatayika. Ukali wa mwambi wa mazira walowa m'mafunso awiri a malume, poti munthu wamkulu akakwiya kwathu kuno amafunsa mafunso osafuna yankho. Pempho la Yohane loti zakale zipite lalowa mu "nditaninso ine," mawu amene wamng'ono angathe kunena atazolika. Chining'a cha fuwa lamoto n'chololedwa m'kamwa mwake chifukwa sichikulangiza malume, chikungofotokoza zimene zamuchitikira. Apa ndi pamene chining'a ndi mwambi zimasiyana pa ntchito: chining'a aliyense angachigwiritse, mwambi umafuna woyenera kuunena.

Taonaninso kuti malume sanamalize mwambi wawo. Chigawo chonena za fodya wa pachala amene ndi wa mphepo achisiya. Anthu odziwana amatero ndithu. Amati "walira mvula" n'kusiyira pomwepo, kapena "chikomekome cha mkuyu," wina n'kumaliza yekha mumtima. Mwambi wonenedwa wonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, makamaka wotsogozedwa ndi "akuluakulu anati," umamveka ngati mlandu wa pabwalo la mfumu kapena ulaliki. Nthawi zina ndi zimene zikufunika. Pakhonde, pakati pa malume ndi mwana wa mlongo wawo, theka limakwana. Kudula chonchi kumathandizanso omasulira mafilimu, amene Chichewa chawo chimayenera kutha wosewera asanatseke pakamwa, chikhalirecho mawu athu ndi aatali kuposa a Chingerezi.

Nanga madzi otayika aja tingowataya? Ngati m'Chingerezi chigawochi chikutha malume atafewa mtima, womasulira angathe kuusamutsa mwambiwo kuupatsa malume: "Basi, madzi akatayika sawoleka. Mawa tipitire limodzi kupolisi." M'kamwa mwa Yohane unali mwano, m'kamwa mwa malume wasanduka chikhululuko. Koma ngati malume a m'Chingerezi akuchoka ali chikwiyire, kuwapatsa mawu amenewa n'kulemba sewero lina, osati kumasulira.

Ena anena kuti miyambi ina ya Chingerezi inalowa kale m'Chichewa, ndipo n'zoona. "Kupha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi" timakumva tsiku ndi tsiku pa wailesi ndi m'misonkhano. "Ndasamba m'manja pa nkhaniyi" tinakulandira kudzera m'nkhani ya Pilato, ngakhale kuti pakhomo kusamba m'manja n'kukonzekera nsima. Baibulo lenileni ndi chitsanzo cha mkangano umenewu. Buku Lopatulika la 1922 linatsata kwambiri kaumbidwe ka mawu a zinenero zoyambirira, pomwe Buku Loyera la 1998 linafuna Chichewa chimene anthu amayankhula. Chikhalirecho alipo ambiri amene khutu lawo linazolowera lakale lija moti mawu ake achilendo amawamva ngati akwawo. Choncho funso si lakuti mawuwa anachokera kuti, koma lakuti ndani angawanene. Mlembi wa mu ofesi ku Lilongwe aphe mbalame zake ziwirizo, palibe chovuta. Agogo a kumudzi amene m'sewero lonse akhala akuyankhula Chichewa cha pamtondo asaphe nawo.

Pali malire ena amene ine ndimaona kuti omasulira aluso ndi amene amawadumpha kawirikawiri, chifukwa chokonda Chichewa chokoma. Si miyambi yonse ya m'buku la Chingerezi imene ili ya Angerezi. Buku lotchuka la Chinua Achebe la 1958, limene Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira n'kulitcha Chipasupasu, ladzaza miyambi ya Aigbo a ku Nigeria. Achebe anaisiya dala ndi fungo lakwawo, la zilazi, mafuta a kanjedza ndi mtedza wa kola, kuti wowerenga adziwe kuti ali pakati pa anthu ena. Aliyense womasulira buku lotere ayenera kusamala. Okonkwo akayamba kunena za kupala moto kudambwe, ndiye kuti tamusamutsa ku Umuofia n'kumukhazika ku Dedza. Apa chofunika n'kusunga chithunzi cha eni ake, koma kuchiumba m'kayendedwe ka mwambi wathu: chachifupi, cha zigawo ziwiri, choyamba ndi "ukafuna" kapena "akakhala," chopanda mawu ofotokozera. Wowerenga amve kuti uwu ndi mwambi, ngakhale sanaumvepo, ndipo amve kuti si wa kwawo.

Kuyesa ngati zatheka sikufuna zambiri. Pezani munthu amene sanaone Chingerezicho, mumuwerengere mokweza osatchula maina a oyankhula. Kenaka mufunseni zinthu ziwiri: wamkulu ndani pa awiriwa, ndipo akumvana kapena akukangana? Akalephera kuyankha, kapena akayankha zosiyana ndi zimene wolemba anafuna, vuto silili pa tanthauzo la mawu koma pa ulemu ndi kulemera kwake. Osewera nawonso amaulula zambiri pokonzekera. Mzere umene wosewera amapunthwa nawo nthawi zonse, kapena amausintha yekha osadziwa kuti wausintha, kawirikawiri pansi pake pamakhala Chingerezi. Mverani chimene wanena m'malo mwake, muchilembe, kenaka mubwerere ku Chingerezi kukaona ngati tanthauzo likadalipo.