IWE KAPENA INU? NKHANI YA "TU" NDI "VOUS" PA CHIFALANSA

Anzanga, tonsefe tikudziwa zimene zingachitike munthu utakumana ndi agogo akuchokera ku dimba la mpunga n'kuwauza kuti, "Iwe, uli bwanji?" Usanafike n'kunyumba komwe, nkhani yafika kale kwa mayi ako. Chingelezi chimene timalimbana nacho m'kalasimu chilibe vuto limeneli, chifukwa mwana, mfumu ndi galu onse amaitanidwa ndi liwu limodzi. Koma Chifalansa chili ngati Chichewa: chili ndi iwe wake, amene ndi tu, ndi inu wake, amene ndi vous.

Mwina wina akuti, "Za ku Falansa zikutikhudza chani ife a ku Likangala?" Olankhula Chifalansa sali kutali ayi. Ku kampu ya Dzaleka m'boma la Dowa, imene inatsegulidwa mu 1994, kuli anthu ambiri ochokera ku Kongo, Burundi ndi Rwanda, ndipo m'maiko atatu onsewa Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo za boma. Ine ndinayamba kuchitola kwa msuweni wanga amene amachiphunzira kusukulu yogonera konko, ndipo ndaona kuti pa nkhani iyi ife Amalawi tinaphunzira kale theka la phunziro tili kumsana kwa amayi. Theka linalo ndi limene ndikufuna tikambirane.

Katchulidwe kaye

Vous amatchulidwa kuti "vu". Chilembo chomalizacho sichimveka, pokhapokha liwu lotsatira likayamba ndi a, e, i, o kapena u. Pamenepo chimadzuka n'kumveka ngati z, moti vous avez amamveka "vuzave". Tu ndiye wovutirapo. Si -tu wathu wa "ndabweratu" uja ayi. Songolani milomo ngati mukufuna kuimba mluzu, kenako yesani kunena "ti" milomo ili chisongolere. Mukangoti "tu" mwa Chichewa, Mfalansa amamva liwu lina lotanthauza "zonse".

Pamene tikufanana

Pa Chichewa ulemu sukhala pa iwe ndi inu pokha. Umalowa m'chiganizo chonse: uli ndi muli, dzina lako ndi dzina lanu, bwera ndi bwerani. Chifalansa chimatero ndithu. Taonani:

Uli bwanji? Comment vas-tu ?
Muli bwanji? Comment allez-vous ?
Bwera! Viens !
Bwerani! Venez !
Dzina lako: ton nom
Dzina lanu: votre nom

Mwaiona -ez ili kumapetoyo? Imamveka "e", ndipo ntchito yake ikufanana ndi -ni wa "bwerani". Mneni akathera ndi -ez, dziwani kuti pali inu. Komanso vous, ngati inu, amagwira ntchito ziwiri: kulemekeza munthu mmodzi ndi kuitana anthu ambiri. Inu amene ndikukutchulani m'nkhani ino ndi wa gulu, musayambe kudzimva ukulu!

Pamene tikusiyana

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ife timayang'ana msinkhu: wamkulu ndi inu, basi, ngakhale akhale amene anakubereka. Afalansa amayang'ana kwambiri kuyandikana: kodi munthuyu ndi wanga kapena ndi wapatali? Ndiye chifukwa chake mwana wa ku Falansa amanena tu kwa bambo ake, mayi ake ngakhale agogo ake, ndipo palibe amene amatola kamtengo. Mwamuna ndi mkazi wake amatchulana tu. Ngakhale popemphera, ambiri masiku ano amanena tu kwa Mulungu, pamene ife timati Inu.

Choncho tu sakutanthauza kuti "ndiwe mwana" nthawi zonse. Kawirikawiri akutanthauza kuti "ndiwe wathu". Vous naye sakutanthauza "ndinu wamkulu" pokha, koma "sitinazolowerane, ndiye ndikukupatsani malo anu". Tiyeni tione anthu atatu amene amasokoneza ophunzira.

Woyamba: wogulitsa m'sitolo

Pa msika wa Jali kapena pa doko la Kachulu, mnyamata wogulitsa zitumbuwa timangomuti, "Iwe, bwera nazo kuno!" Pa Chifalansa izi ndi zamwano. Wogulitsa ndi munthu amene simukumudziwa ndipo ali pa ntchito yake, ndiye ndi vous, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu ndi zaka zingapo.

Tiyerekeze kuti mayi akutumani sopo ndipo m'sitolomo muli mtsikana wa zaka 19 wolankhula Chifalansa. Choyamba ndi moni, musanatchule chimene mwadzera: Bonjour, madame. Akakhala mwamuna mukuti monsieur, kutchula kwake "mesye". Musayambe ndi salut, chifukwa ameneyo ndi "bho" wa anzanu a pa bwalo la mpira. Chachiwiri funsani: Vous avez du savon ? Kutanthauza kuti, "Muli ndi sopo?" Chachitatu pemphani, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. "Chonde" wa Chifalansa ali pawiri. Kwa mnzanu ndi s'il te plaît, kwa munthu wa vous ndi s'il vous plaît. Munthu amayamba bwinobwino ndi vous, koma pofika pa chonde n'kutulutsa te chifukwa ndi amene anamuloweza poyamba. Zimamveka ngati kunena kuti, "Muli bwanji amayi, tandipatsa sopo." Mukalandira katundu tsekani ndi Merci, madame, au revoir.

Wogulitsayo akakuyankhani ndi tu musadabwe. Waona yunifolomu, wadziwa kuti ndinu mwana wasukulu. Zimenezo sizikukupatsani chilolezo choti mumubwezere tu.

Wachiwiri: wamkulu woyandikana naye nyumba

Uyu ndi wosavuta kwa ife, chifukwa mwambo wathu ndi wawo zikugwirizana. Munthu wamkulu amene si wachibale ndi vous. Iye akhoza kukuitanani tu tsiku lililonse, monga agogo a kuseri kwanu amanenera "iwe mwana iwe", koma inu mukhalebe pa vous. Ngakhale mutakhala moyandikana zaka 10, mukupemphana moto ndi mchere, kutalika kwa nthawi pakokha sikusintha kanthu. Amene amasintha ndi wamkuluyo, akanena yekha. Ndi mmenenso zimakhalira m'masukulu a sekondale a ku Falansa: aphunzitsi ambiri amati tu kwa ophunzira, ophunzira amati vous.

Pali chitsanzo chimene chinamveka dziko lonse. Pa 18 Juni 2018, pa mwambo wokumbukira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pafupi ndi mzinda wa Parisi, mnyamata wina wasukulu, wa msinkhu ngati wathuwu, anapatsa moni Pulezidenti Emmanuel Macron pomutchula dzina lachidule loti Manu, ngati mnzake wosewera naye. Pulezidentiyo anaima n'kumudzudzula pamaso pa makamera kuti azimutchula ndi udindo wake kapena monsieur. Chosangalatsa n'chakuti podzudzulapo iye ankanena tu kwa mnyamatayo. Wamkulu ali ndi ufulu wotsitsa tu, wamng'ono alibe ufulu womukweza.

Anthu a ku Kongo amawonjezera kena kamene kali pafupi ndi kwathu. Munthu wamkulu, ngakhale wosamudziwa, amamuitana papa kapena maman, monga ife timanenera "bambo" ndi "mayi" kwa aliyense wa msinkhu wa makolo athu. Mukatero n'kuphatikiza vous, palibe angakuloze chala.

Wachitatu: mnzanu watsopano wa kuntchito

Uyu ndiye wovuta, chifukwa lero ndi mlendo koma mawa akhala mnzanu. Tiyerekeze mwamaliza sukulu, mwalembedwa ntchito pa chipatala, ndipo tsiku loyamba akukuonetsani namwino wochokera ku Burundi, wa msinkhu wanu womwewo. Yambani ndi vous ndipo tcherani khutu. Kodi anthu a pamenepo akutchulana bwanji? M'malo ambiri a ntchito anthu ofanana udindo amasamukira ku tu msanga, mwina tsiku lomwelo. Koma kusamukako kuli ndi khomo lake. Afalansa ali ndi mneni wapadera, tutoyer, kutanthauza "kutchula munthu iwe", ndi mnzake vouvoyer, "kutchula munthu inu". Wina amafunsa kuti, On peut se tutoyer ? Ndiko kuti, "Bwanji tizingotchulana iwe?"

Amene amayenera kufunsa funsoli ndi wamkulu pa zaka kapena pa udindo, kapena amene mwamupeza pa ntchitopo. Mlendo sathamangira kukhala pa mpando asanamuloze. Akakufunsani, vomerani, ndipo kuyambira pamenepo khalani pa tu. Kubwerera ku vous pambuyo pake kumamveka ngati mwakwiya. N'chimodzimodzi mayi ako akakuti, "Mwabwera abwana, takulandirani," iwe utafika usiku kuchokera ku vidiyo. Ulemu umenewo umadziwa wekha kuti kumbuyo kwake kuli mkuntho.

Kwa bwana wamkulu wa pa ntchitopo, vous akhoza kukhala mpaka kalekale, ngakhale ena onse mukutchulana tu.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika?

Mukanena tu pamalo pa vous, kawirikawiri munthu sakalipa. Amangokuyankhani ndi vous womveka bwino, mwina mobwereza, nkhope itauma. Wosapsatira amafunsa kuti, On se connaît ? Kutanthauza "Kodi timadziwana?" Ameneyo ndi mbale wake wa funso lathu lija loti, "Iwe ukumunenayo ndani? Ndine mnzako ine?" Mukamva zimenezo nenani pardon, bwererani ku vous, nkhani yatha.

Mukanena vous pamalo pa tu, mwachitsanzo kwa mnzanu wa zaka 15, amangoseka n'kukuuzani kuti mumasuke. Ana ndi achinyamata a msinkhu umodzi amayamba ndi tu ngakhale akumana koyamba. Ndiye yerekezani zolakwa ziwirizi: china chimabala kuseka, china chimakutayitsani ulemu pamaso pa munthu amene mwina mawa mukamupempha ntchito kapena ngongole ya sopo. Mukakayika, vous ndiye wotchipa.

Mwachidule, musanatsegule pakamwa dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndi mwana kapena wachinyamata mnzanga? Kodi ndi wa m'banja mwathu kapena mnzanga weniweni? Kodi wandiuza yekha kuti tizitchulana tu? Yankho likakhala ayi ponseponse, nenani vous.

Yesani izi pa nthawi yopuma

Mungasankhe liti, tu kapena vous, kwa anthu awa? Woyendetsa boti la ku Chisi amene mwakumana naye koyamba. Agogo anu okubereka mayi, mutakhala kuti ndinu Mfalansa. Mwana wa zaka 6 amene wasochera pa msika. Ana awiri a zaka 6 amene asochera limodzi. Lomalizali lili ndi msampha, werenganinso bwino pamwambapo. Lembani mayankho pa kapepala, muponye m'bokosi la nyuzi ya pakhoma lisanafike Lachisanu.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2